Ndi 8 kapena ndi 3? Chithunzi cha funso la madayisi chimene chinandifika usiku

Unali mwezi wa Juni, nthawi imene kuzizira kwa kuno ku Mzuzu kumalowa mpaka m'mafupa ndipo ana a Fomu 4 amakhala atasiya kugona chifukwa mayeso a MSCE ali pakhomo. Ndinali nditafunda kale bulangete kunyumba kwanga ku Katoto pamene foni inalira. Anali mwana wa mlongo wanga wa ku Chibavi, mtsikana wolimbikira sukulu amene masamu amamuvutitsa koma sawathawa.

"Amalume, pepani ndakudzutsani. Ndithandizeni funso ili. Ndikungofuna yankho la (c) basi, zinazo ndapanga."

Pansi pa uthengawo panali chithunzi. Linali funso la pulobabilite, masamu owerengetsa mwayi wakuti chinthu chichitike, la madayisi awiri, lolembedwa pamanja. Kumtunda kwa pepala kunkawerengeka bwino, koma kutsika m'munsi zilembo zinkayamba kusungunuka, ndipo mzere womaliza, umene unali ndi funso limene iye ankafunalo, unali mbuu. Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala, koma kukulitsa sikubweza chimene kamera sinagwire. Zilembo zinangosanduka timabokosi totuwa.

## Chimene ndinalemba poyamba

Ndinadzuka n'kutenga kope ndi cholembera. Ndisanawerengetse chilichonse ndinakopera funso lonse monga mmene maso anga ankalionera, ndipo paliponse pamene ndinkakayika ndinkasiya mpata n'kulemba pamwamba pake zonse zimene zikanatha kukhalapo. Ntchito imeneyi imaoneka ngati yotaya nthawi, koma ndi imene imasiyanitsa zimene waonadi ndi zimene mutu wako wangodzazamo. Munthu amene wazolowera mafunso a mtundu umenewu amawerenga mothamanga, ndipo akafika pa nambala yosaoneka bwino, mutu umaikapo nambala imene unaionapo kale m'funso lina osamuuza n'komwe.

Zimene zinkaoneka bwino zinali izi. Madayisi awiri osakondera akuponyedwa limodzi. Gawo (a) linkati amalizitse tebulo. Gawo (b) linkati asonyeze kuti mwayi wakuti S, chotsatira chochokera ku nambala za madayisi awiriwo, ipose nambala inayake ndi fulakishoni inayake. Gawo (c) linkayamba ndi mawu otanthauza kuti "pogwiritsa ntchito zimenezi", kenako n'kufunsa mwayi wina wa S yomweyo.

Pamene ndinkakayika panali patatu. Nambala ya mu (b) ndi ya mu (c) zinkaoneka kuti ndi imodzi, koma inali yozungulira kumanja ndi yakuda kumanzere, moti ikanatha kukhala 8 kapena 3. Fulakishoni ya mu (b) inali ndi 5 pamwamba, pansi 1 ndi nambala ina yofufutika. Ndipo chizindikiro cha mu (c) chinkaloza kumanzere, koma sindikanatha kudziwa ngati chinali < kapena ≤, chifukwa pansi pake pankadutsa mthunzi wa mzere wa pepala.

Ndinamulembera kuti, "Iwe, tandiwerengera mzere womalizawo kuchokera pa pepala lenilenilo."

"Pepalalo ndilibe, amalume. Chithunzichi ndachitenga pa gulu la kalasi. Anajambula ndi mnzathu wina, magetsi atazima."

Patapita kamphindi anawonjezera kuti, "Koma anzanga apeza 7/12. Mungondiuza ngati akhoza."

## Mayankho anayi a funso limodzi

Uthenga wachiwiriwu ndi umene sundichoka m'mutu mpaka lero. Yankho la 7/12 ndi lolondola ndithu ngati funso likuti S < 8. Aliyense akanatha kuwerengetsa mwachangu, n'kupeza 7/12, n'kuyankha kuti akhoza, ana onse n'kukagona mitima ili m'malo. Koma kugwirizana kumeneko sikukanatsimikizira kanthu za funsolo, chifukwa tonse tinkayang'ana chithunzi chimodzimodzi chosaoneka bwinocho. Anthu khumi akawerenga molakwika mofanana amapezanso yankho lofanana.

Kuti aone chimene chinkandidetsa nkhawa ndinamutumizira mizere iwiri imene aliyense wogwira mafunso a madayisi awiri ayenera kukhala nayo pafupi. Dayisi iliyonse ili ndi nkhope 6, choncho awiri amagwa m'njira 6 × 6 = 36. Mzere wapamwamba ndi zotsatira za kuphatikiza nambala ziwirizo, wapansi ndi kuchuluka kwa njira zopezera chotsatira chilichonse.

```
S      2  3  4  5  6  7  8  9 10 11 12
njira  1  2  3  4  5  6  5  4  3  2  1
```

Ngati funso likuti S < 8, timaphatikiza njira za 2 mpaka 7, zimene ndi 21, ndipo yankho ndi 21/36, kutanthauza 7/12. Ngati likuti S ≤ 8, timawonjezerapo njira 5 za 8 mwiniwakeyo, n'kukhala 26/36, kutanthauza 13/18. Ngati nambalayo ndi 3 ndipo chizindikiro ndi <, yatsala njira imodzi yokha, ya 1 ndi 1, ndiye yankho ndi 1/36. Ngati ndi S ≤ 3, njira ndi zitatu, yankho n'kukhala 1/12.

Kamzere kamodzi pansi pa chizindikiro ndi theka la nambala imodzi zinkasuntha yankho kuchoka pa 1/36 kukafika pa 13/18. Ndipo choopsa chake n'chakuti mayankho anayi onsewa amaoneka abwinobwino. Onse ali pakati pa 0 ndi 1, onse amachepetsedwa mosavuta, palibe limene lingakuchenjeze kuti wasochera. M'masamu ena ukawerenga molakwika umapeza nambala yachilendo imene imakubweza. M'mafunso a madayisi ndi makobidi, pafupifupi funso lililonse limene ungaliwerenge molakwika limakhalanso funso lenileni lokhala ndi yankho lake laudongo. Zili ngati telala amene wamva muyeso molakwika: amasoka bwino, ulusi wowongoka, koma chovalacho sichimukwana mwini wake.

## Kulifunsa pepala lenilenilo

Popeza pepala loyambirira panalibe, ndinayenera kufufuza umboni m'zigawo zimene zinkaoneka bwino. Ndinayambira pa tebulo la mu (a), chifukwa panali chinthu china chimene ndinafuna kutsimikiza ndisanakhulupirire mizere iwiri ija: kodi S ndi kuphatikiza nambala ziwirizo kapena kuchulukitsa? Mawu ofotokoza zimenezi anali pamalo pamene pepala linapindika. Mitu ya tebulo inkayenda kuchokera pa 1 mpaka 6 m'mbali zonse ziwiri, choncho anali madayisi wamba, osati aja a nkhope zinayi kapena obwereza nambala amene nthawi zina amapezeka m'mafunso. Mwa mabokosi amene anali atadzazidwa kale, la pa 2 ndi 2 linali ndi 4, koma limeneli silithandiza, chifukwa 2 + 2 ndi 2 × 2 zonse zimapereka 4. Bokosi lomaliza la pakona, la 6 ndi 6, ndi limene linanena zoona. Munali 12, osati 36. Ndiye kunali kuphatikiza.

Kenako ndinapita pa fulakishoni ya mu (b), ija ya 5 pamwamba. Apa pali lamulo losavuta limene ndimalikonda kwambiri. Ngati njira zonse ndi 36 ndipo zili ndi mwayi wofanana, yankho lililonse ndi nambala ina pamwamba pa 36, ndipo ukalichepetsa nambala ya pansi iyenera kukhala yogawa 36 popanda chotsala: 2, 3, 4, 6, 9, 12, 18 kapena 36 yomweyo. Pansi pa 5 paja panali manambala awiri oyamba ndi 1. Zikanatheka ndi 12 kapena 18 basi. 13, 16 ndi 19, zimene maso akanatha kuziona pa chithunzi chotere, sizingatuluke pa madayisi awiri oponyedwa mwa njira imeneyi. Nambala yachiwiriyo inali yotsekeka pansi, yopanda mchira woongoka wa 2, choncho ndinatenga 5/18, n'kusunga 5/12 pambali kuti ndiiyesenso.

5/18 ndi 10/36. Funso tsopano linali lakuti, ndi nambala iti imene S ikaiposa njira zake zimakwana 10? Ndinawerenga mzere wapansi uja kuchokera kumanja: 1 ya 12, kuwonjezera 2 ya 11 ndi 3, kuwonjezera 3 ya 10 ndi 6, kuwonjezera 4 ya 9 ndi 10. Zakwana pa 9, kutanthauza S > 8. Ikanakhala 3, S > 3 ikanapereka 33/36, imene ndi 11/12, ndipo pa pepala panalibe chilichonse chofanana ndi 11. Apa 3 uja anagwa.

Nanga 5/12 ndinasunga ija? Imeneyo ndi 15/36, ndipo imatuluka pa S > 7 kapena pa S ≥ 8. Nambala ya pa chithunzi sinali 7, chifukwa 7 alibe mimba yozungulira. Koma S ≥ 8 ikanatheka, ndipo mungaone kuti njira imeneyinso imatibweretsa pa 8 yemweyo. Chizindikiro cha mu (b) chinali pamalo owala pang'ono, pansi pake panali poyera, choncho ndinakhutira kuti ndi >. Ndinayang'ananso mbali imene chikuloza, chifukwa tebulo la madayisi awiri limafanana kumanzere ndi kumanja: S < 6 nayonso ili ndi njira 10, ndipo 6 ndi 8 zimasokonezeka mosavuta pa chithunzi. Chinkaloza kumanja mosakayikitsa.

Chinatsala ndi kamzere ka mu (c). Apa umboni sunalinso wa nambala koma wa mmene aphunzitsi amamangira mafunso. Gawo (c) linkati agwiritse ntchito zimene wapeza mu (b). Ngati mwayi wa S > 8 ndi 5/18, chimene chimatuluka mwachindunji ndi mwayi wa zotsala zonse, 1 − 5/18 = 13/18, ndipo zotsalazo ndi S ≤ 8. Kuti munthu afike pa S < 8 kuchokera pa (b) ayenera kuchotsanso 5/36 ya 8 mwiniwake, ndipo pamenepo (b) sakhala kuti wamufupikitsira njira kwenikweni. Mphunzitsi akhoza kufunsa motero pofuna kutchera ana msampha, n'chifukwa chake umboni umenewu ndinautenga ngati wolemera koma wosamaliza nkhani.

## Zimene ndinamuyankha

Sindinamutumizire nambala yokha. Ndinalemba kuti:

"Ndawerenga motere: madayisi awiri, kuphatikiza, (b) S > 8 ndi 5/18, (c) S ≤ 8. Ngati ndi choncho yankho ndi 13/18. Za 8 ndatsimikiza chifukwa cha (b). Za kamzere ka pansi pa chizindikiro sindinatsimikize. Ngati kulibe, anzakowo akhoza ndi 7/12. Mawa ukaone pepala lenileni usanakhulupirire ine kapena iwo."

Anayankha mokhumudwa pang'ono. "Ndiye amalume simukudziwa yankho?"

Ndinamuuza kuti mayankho onse awiri ndikuwadziwa, chimene sindikuchiona ndi funso. Anakhala chete, kenako anatumiza chizindikiro cha chala chachikulu, chija ana amatumiza akafuna kuti nkhani ithe.

Masana a tsiku lotsatira kunabwera chithunzi china, chojambulidwa panja pa kalasi dzuwa litatuluka m'nkhungu. Kamzere kanalipo, kopyapyala, kogundana ndi mzere wa pepala. Koma chimene chinandisangalatsa si kamzereko. Pansi pa chithunzicho anali atalemba yekha kuti: "Amalume, funso lotsatiralo nalonso anzanga analiwerenga 0.8 koma ndi 0.6. Ndazindikira ndisanaone pepala, chifukwa nthambi inayo ndi 0.4." Linali funso la khobidi lokondera, lojambulidwa ngati mtengo wa nthambi, nthambi ina H, mbali ya khobidi yokhala ndi mutu, ina T, mbali inayo. Nthambi ziwiri zochokera pamfundo imodzi ziyenera kukwana 1 zikaphatikizidwa. 0.8 ndi 0.4 zimapereka 1.2, zimene sizingatheke, pamene 0.6 ndi 0.4 zimakwana ndendende. Palibe anamuphunzitsa kuti achite zimenezo pa funso limenelo. Anangotenga njira ija ya kulifunsa pepala n'kuigwiritsa ntchito payekha, ndipo kwa mwana amene dzulo lake ankangofuna yankho la (c) basi, chimenechi chinali chachikulu kwa ine.

Kusiyana kwake pa yankho sikunali kochepa. Mwayi wa H kawiri motsatizana ndi 0.6 × 0.6 = 0.36, pamene ndi 0.8 ukanakhala 0.64.

## Chifukwa chake timizere ndi timene timayamba kusowa

Kuyambira nthawi imeneyo ndimayang'anitsitsa mmene zithunzi zoterezi zimawonongekera, ndipo sizichitika mwachisawawa. Kuwala kukachepa, kamera ya foni imatsegula diso lake nthawi yotalikirapo kuti itole kuwala kokwanira, ndipo dzanja likangogwedezeka pang'ono zilembo zimakokeka. Foni ikapendekeka, mbali imodzi ya pepala imakhala pafupi ina kutali, n'chifukwa chake kumtunda kumawerengeka pamene kumunsi kwasungunuka. Kenako WhatsApp imachepetsa kukula kwa chithunzi ikamachitumiza mwa njira ya masiku onse, ndipo wina akachijambulanso pa sikirini n'kutumiza, chimawonongekanso kachiwiri. Pa sitepe iliyonse zimene zimayamba kutayika ndi zinthu zopyapyala: kamzere ka pansi pa ≤ ndi ≥, kadontho ka desimali, kampata ka kumanzere kamene kamasiyanitsa 3 ndi 8, kamutu ka 7 kamene kakasowa amasanduka 1. M'nkhani wamba ukataya kachilembo kamodzi mawu oyandikana nawo amakuuza chimene chinalipo. Mu funso la madayisi tinthu timeneti ndi timene tanyamula funso lonse.

Choncho ngati mwini pepala alipo, njira yachidule ndi kupempha chithunzi china. Pepala ligone pa tebulo kapena pansi, pafupi ndi windo kapena panja, foni ikhale pamwamba pake mowongoka, wojambula akhudze sikirini pamene pali zilembo kuti kamera ilunjike pomwepo, ndipo ajambule funso limodzi m'malo mwa tsamba lonse. Potumiza asankhe Document kapena HD kuti chithunzi chisafinyidwe kwambiri. Ndikudziwa kuti ana ambiri amaopa bandulo, ndipo nkhawa imeneyo ndi yomveka. Zikatero ndimawauza kuti angolemba pa foni mzere wovutawo, kapena aujambule mawu akuwerenga. Mzere umodzi wolembedwa sudya bandulo, ndipo mwana akamaulemba amakakamizika kuyang'anitsitsa chizindikiro chilichonse.

## Pamene njira zimenezi zimalekera

Ndiyenera kunena mosabisa kuti usiku uja funso linandithandiza lokha, chifukwa linali ndi gawo lopereka yankho lake, limene ndinaligwiritsa ntchito ngati muyeso. Mafunso ambiri sakhala otero.

Lamulo la nambala ya pansi nalonso lili ndi malire. Limagwira ntchito pamene njira zonse zili ndi mwayi wofanana ndipo palibe imene yachotsedwa: 36 pa madayisi awiri, 4 pa makobidi awiri, 8 pa atatu, 16 pa anayi. Ukaona 3/8 pa makobidi atatu, zikugwirizana, ndiwo mwayi wa H ziwiri ndendende. Ukaona chooneka ngati 3/5, bwerera ukayang'anenso. Koma funso likanena kuti tikudziwa kale kuti pa madayisi awiriwo pali 6 mmodzi kapena awiri, njira zotsala zimakhala 11, ndipo fulakishoni ya 11 pansi imakhala yolondola. Dayisi kapena khobidi likakhala lokondera, lamulolo silithandizanso. Ndiye usanakane nambala chifukwa chakuti siigawa 36, yamba watsimikiza kuti mawu a pamwamba sakusintha njira zowerengedwa.

Palinso pamene kuyesa mawerengedwe onse kumakunamiza. Tinene kuti funso likufuna mwayi wakuti S ikhale ndendende nambala imene ikuoneka ngati 6 kapena 8. Zonse ziwiri zili ndi njira 5, yankho ndi 5/36 mbali zonse. Munthu akhoza kunena kuti basi zilibe kanthu. Pa yankho lomaliza zilibedi kanthu, koma mwana amene walemba (1,5), (2,4), (3,3), (4,2), (5,1) pamene funso linkafuna (2,6), (3,5), (4,4), (5,3), (6,2) wasonyeza ntchito ya funso lina, ndipo wochonga amayang'ana ntchitoyo, osati nambala yomaliza yokha. Gawo lotsatira likadzafunsa kuti mwa njira zimenezo ndi zingati zili ndi 6, mndandanda woyamba ulibe ngakhale imodzi pamene wachiwiri uli ndi ziwiri. Zomwezi zimachitika ndi 5 ndi 9, kapena 4 ndi 10. Ngakhale buku la mayankho litagwirizana nawe, pa manambala amenewa silikuuza kuti wawerenga bwino.

Pa mafunso otere, pamene pepala silikupereka umboni uliwonse ndipo mwini wake sakupezeka, ndimalemba mawerengedwe onse awiri, lililonse ndi ntchito yake ndi yankho lake, n'kuika pamwamba mzere wonena malo enieni amene sindikuwaona. Ana ena amadandaula kuti uthengawo watalika, ndipo makolo ena amaona ngati ndikuzemba. Ndimawayankha kuti chithunzi chooneka bwino chikafika, kufufuta theka losafunikalo sikutenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo mpaka chifike, mwanayo ali ndi mafunso awiri oyeserera m'malo mwa limodzi.